Thirakitala ya Mbumba ndi Masiku a Boma

Mkazi wanga atamwalira ndinatsala pamudzi wakwawo, kufupi ndi doko la Kachulu, mkamwini wopanda mkazi. Ana tinalibe. Mwambo wake ngodziwika: pakapita nthawi amakusudzula, iwe n'kupinda mphasa yako kubwerera kwanu. Koma ine kwathu kunali kuti? Ndinabadwira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya kampani, ndipo makolo anga atatsamira mkono munalowa banja lina. Ntchito yanga ya ukalaliki ku ofesi ya zamisewu ku Zomba inali itatha ndi kalata ya mizere itatu yosanena chifukwa. Masiku amenewo a chipani chimodzi, munthu wochotsedwa m'boma mwa njira imeneyo anthu ankamuzemba, poopa kuti chamugwiracho chingawagwire nawonso. Moni ankandipatsa, koma wapatali.

Chimene ndinali nacho chinali kanyumba kamene tinamanga awiri, kamunda kotsetserekera kudambo, ndi mitengo ya kumanda imene ndinkaiona ndikakhala pakhonde. Kumandako munthu sumangolowa wekha, eni mudzi amayenera akutsegulire njira. Komabe kudziwa kuti iye ali pansi pa mitengo ija kunkandikwanira. Sindinkafuna kuchoka, ndipo ndinene mosabisa, ndinkaopa kuchoka.

Amene ankachititsa kuti ndikhalebe anali atsibweni a mkazi wanga, mwini mbumba. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wogula matemba padoko n'kukagulitsa ku Zomba ndi ku Limbe. Chaka chinatha, chachiwiri n'kuyamba, iwo nkhani yosudzula osaitchula. Wina akaikumbutsa ankangoti, "Asiyeni akamwiniwo, akudyera yani?" Mawu amenewo ndiwo anali denga langa.

M'mawa wina wa mwezi wa Epulo anandipeza ndikukonza mpini. Anakhala pa chitsa, n'kutulutsa m'thumba la jekete mapepala opindidwa pakati.

"Akamwini, mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi Chingerezi chanu chija. Akuti boma likufuna mathirakitala a ganyu, athire gelevulo, dothi la timiyala lija, mumsewu wathuwu. Mundiikire m'Chinyanja, ndimve ndekha."

Inali tenda ya khonsolo, pepala loitana anthu kuti apikisane kupeza ntchito ya boma. Ankafuna kubwereka makina pamodzi ndi madalaivala ake kuti akonze msewu wochokera ku Zomba kufika kudoko. Giredala, makina osalazira msewu, inali yawo. Kwa anthu wamba ankafuna thirakitala, ngolo yake ndi thanki ya madzi. Mapepala otere ndinawatayipa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo fungo lake lokha linandikumbutsa kuti ndinali munthu.

Thirakitala inalipo, yofiira, yogula kwa mzungu wa fodya amene ankachoka. Koma siinali ya atsibweni okha. Anaigula pamodzi ndi adzukulu awo amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, kotero inkatchedwa ya mbumba. Ndiyo inkagaula minda ya mpunga ya alongo awo mvula isanagwe, ndipo munthu akadwala kwambiri, kapena maliro akachitikira ku chipatala ku Zomba, ndiyo inkanyamula. Atsibweni sakanailowetsa pa tenda alongo awo asanavomere.

Ndinagula kope la sukulu pa golosale. Masiku anayi ndinakhala pakhonde kuyambira dzuwa likatuluka mpaka mthunzi wa nyumba utafika pa nkhokwe. Anthu opita kudoko ankadutsa ndi madengu awo osandiyang'ana, ine ndili pa ndime yachisanu, kulimbana ndi mawu amodzi.

Zofunika pa makina sizinandivute. Thirakitala ikhale ya mphamvu yosachepera mahosipawa makumi asanu ndi limodzi. Ngolo ikhale yotsanula yokha, yosafuna anthu a mafosholo. Thanki ilowe magaloni osachepera mazana asanu, ikhale ndi paipi yobowola kumbuyo yowazira madzi pamsewu. Ndinapita kumene inkagona thirakitala, ndinapukuta girizi pa kachitsulo ka manambala, n'kupeza kuti mphamvu yake inali yokwana. Thanki atsibweni anali atapangana kale kubwereka kwa mnzawo wa ku Songani. Ndinalemba zonsezi m'mbali mwa kope, chilichonse moyang'anizana ndi ndime yake.

Povuta panali pa udindo ndi masiku. Ife polankhula timakonda kusiyira mnzathu pothawira. Timati "muyesetse", timati "zikatheka", timati "cha kumapeto kwa mwezi". Pepala lija linalibe pothawira, ndipo ine ndinaona kuti ndikaika ulemu wathu pamene eni ake sanauike, ndiye kuti ndanama. Pamene linalamula ndinalemba "ayenera", ndipo sindinalole "angathe" kulowa pamalo pake. Envulopu ikhale yomata, yopanda dzina la mwini kunja, iponyedwe m'bokosi la ku khonsolo isanakwane thwelofu koloko masana Lachisanu lomaliza la mweziwo. Yochedwa idzabwezedwa yosatsegula. Woponya sangabweze mawu ake kwa masiku makumi asanu ndi anayi. Akasankhidwa, makina afike pa ntchito pasanathe masiku khumi ndi anayi, kuwerenga kuyambira tsiku lolembedwa pa kalata, osati tsiku limene kalatayo yafika m'manja. Apa ndinadula mzere kunsi, chifukwa makalata a kwathuko ankagona m'thumba la positi la ku mishoni sabata yathunthu. Masikuwo anali a pa kalendala, Lamulungu lomwe. Makina akawonongeka, akonzedwe kapena abwere ena pasanathe masiku awiri, kupanda kutero pali chindapusa cha tsiku lililonse. Ntchito yonse masiku zana limodzi ndi makumi awiri.

Ndipo panali ndime yachisanu ndi chinayi, yaifupi kuposa zonse. Makina akafika pa ntchito asachotsedwepo, ngakhale tsiku limodzi, popanda chilolezo cholembedwa ndi injiniya.

Nditatha ndinatenga kalendala ya ku tchalitchi n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Khonsolo inali ndi ufulu woyankha tsiku lililonse mkati mwa masiku makumi asanu ndi anayi aja. Ikayankha msanga, mu Meyi, thirakitala ikanabwerako cha mu Seputembala. Koma ikayankha pa mapeto, kumathero a Julaye, ndiye kuti ntchito iyamba pakati pa Ogasiti n'kutha pakati pa Disembala, mvula itagwa kale, dambo litadzaza, thirakitala yosathanso kulowamo. Ndinawerenga katatu. Maofesi ndinkawadziwa: kuyankha msanga si khalidwe lawo.

Atsibweni anabwera tsiku lachisanu masana. Ndinawawerengera zonse pang'onopang'ono, iwo akugwedeza mutu, nthawi zina kuseka. Nditafika pa ndime ija ndi pa kalendala, anasiya kuseka.

"Iyayi, akamwini, zimenezo n'zolemba chabe. Injiniyayo si munthu? Maliro atachitika angakane? Ine ndidzapita ndi mlamba wouma, tidzamvana."

"Mwina adzalola, atsibweni. Koma pepala silikunena kuti adzalola. Ndiponso injiniya sakhala pamsewu, amakhala ku Zomba. Kalata yake mudzaipeza tsiku lomwelo?"

"Nanga mukufuna tidzadye chiyani nyanjayi ikadzaumanso? Inu kunalibe muja inauma. Tinkayenda pansi mpaka ku chilumba cha Chisi, ngalawa zili gada pa matope. Ine ndikufuna mbumbayi ikhale ndi mwendo wina woimira, osati matemba okha."

Sanali kunama, ndipo sanali munthu wadyera. Ndinawamvetsa. Kenaka anatsitsa mawu.

"Mawa ndiitana azilongo anga. Mudzawerenge ndinu, chifukwa ine maso. Koma mudzawerenge ngati mkamwini. Za mahosipawazo nenani zonse, azimayi amve kuti chinthu chathu n'champhamvu. Za masikuzo mungoti ntchito ndi ya chilimwe. Kandime kakafupiko mukadumphe. Zotsalazo n'zanga, ndine mwini mbumba."

Ndinati ndamva. Sindinati inde, sindinati iyayi, ndipo iwo anatenga kuti ndavomera, chifukwa mkamwini akati wamva ndiye kuti wavomera. Atachoka ndinakhala ndi kope lija pamiyendo. Panalibe woti ndimufunse. Mkazi wanga akanakhalapo akanandiseka kaye, kunditcha kalaliki wa nkhuku monga ankachitira ndikayamba kulongosola zinthu mopitirira, kenaka akanandiuza chochita m'mawu atatu. Ndinamusowa tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro ake.

Msonkhano unachitikira pakhomo pa apongozi anga, amene anali mlongo wamkulu wa atsibweni. Ine ndi apongozi sitinkayang'anana kapena kulankhulana mwachindunji, monga mwa mwambo. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Choncho anandiikira mpando kuseri kwa nkhokwe, iwo ndi ang'ono awo awiri atakhala pamphasa mbali inayo. Ndinkangoona mapazi awo. Pakati panakhala alamu anga, mkulu wake wa malemu mkazi wanga, kuti azinyamula mawu. Atsibweni anakhala pa mpando wa ndalema poti onse awaone.

Ndinayamba bwino. Mahosipawa, ngolo, thanki, envulopu. Azimayi ankati "eya, eya". Kenaka ndinafika pa masiku. Ndinati, "Ntchitoyi ndi ya masiku zana limodzi ndi makumi awiri," n'kuima. Atsibweni analowererapo msanga.

"Ndiye kuti chilimwe chokhachi, alongo. Pofika nthawi yogaula ili pakhomo."

Kenaka ndinamva mawu a apongozi, otsika, akulankhula kwa mwana wawo.

"Tawafunsa akamwiniwo. Pepalalo likuti chilimwe, kapena akuti chilimwe ndi atsibweni ako?"

Alamu anatembenukira kwa ine. "Alamu, mwamva. Akuti pepala likuti bwanji?"

Anthu ena amati pa nthawi yotere munthu amaganiza zambiri. Ine sindinaganize kanthu. Ndinangoona mzere umene ndinalemba ndi dzanja langa, ndipo pakamwa panga panakana kunena china. Ndinawerenga masiku makumi asanu ndi anayi, masiku khumi ndi anayi, masiku zana limodzi ndi makumi awiri, n'kufotokoza kuti boma likachedwa kuyankha thirakitala idzabwera Khirisimasi ili pafupi. Ndivomere pano kuti mawu anga anakwera. Panali patapita zaka ziwiri munthu asanandifunse kanthu kofuna nzeru zanga, ndipo kukoma kwa kufunsidwa kunandilowa m'mutu.

"Afunsenso," anatero apongozi. "Wina akadwala, ibwera?"

Ndinawerenga ndime yachisanu ndi chinayi monga inalili, osachotsa, osawonjeza. Ndinanenanso kuti injiniya angathe kulola, koma pepala silimukakamiza, ndipo chimene atsibweni adzasaine ndi Chingerezicho, osati kope langali.

Atsibweni anaseka kuseka kopanda mano. "Mwamva, alongo? Akamwini athu asanduka boma. Masiku akutipatsa ndi iwo tsopano."

"Masikuwa si anga, atsibweni. Ine ndangowasandutsa Chinyanja."

Apa ndipo ndinalakwitsa kwambiri, chifukwa ndinawayankha pamaso pa alongo awo. Mkamwini satero. Ndinaona mapazi a azimayi aja akusuntha pamphasa.

Apongozi sanakweze mawu. Anati kwa mlongo wawo, "Achimwene, mpunga ndi umene umatidyetsa ife azimayi. Mwana wanga uja, mkazi wa akamwiniwa, anapita ku chipatala pa thirakitala imeneyi, anabweranso pa thirakitala imeneyi. Akanakhala kuti anadikira kalata ya injiniya, bwenzi titamuika ku Zomba ngati mlendo. Ine ndakana. Ang'ono angawa anene okha."

Ang'ono awo anakananso. Msonkhano unathera pomwepo. Atsibweni anapinda mpando wawo okha, osalola munthu kuwanyamulira, n'kudutsa pafupi ndi ine ngati akudutsa chitsa.

Lachisanu lija linafika, thwelofu koloko inakwana, envulopu yathu kulibe. Ine ndinali kumunda kukolola nandolo zosakhwima n'komwe, kungofuna chogwira.

Chimene sindinachiyembekeze n'chakuti mudzi wonse unatenga mawu aja kukhala anga. Pepala lili m'Chingerezi linali la boma, ndipo boma salikwiyira, makamaka masiku amenewo. Koma litalowa m'Chinyanja, m'kope la pa golosale, m'zilembo zanga, linasanduka la mkamwini. Dalaivala wa thirakitala, amene ankayembekeza ganyu ya miyezi inayi, anandiimitsa panjira ya kudoko.

"Akulu, simukanachepetsako masikuwo? Olo kuika makumi asanu ndi limodzi? Ife tili ndi ana."

Ndinayesa kumufotokozera kuti sindine ndinawaika. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza, n'kulavula pambali. Ena ankati ndinachita dala chifukwa cha nsanje, ena ankati n'chifukwa chake boma linandichotsa, munthu wosadziwa kukhala ndi anthu. Ngakhale moni wapatali uja unatha. Ku tchalitchi benchi imene ndinkakhala inkadzaza pomalizira. Azimayi amene minda yawo ndinaiteteza sanandinyoze, komanso sanandiikire kumbuyo. Mlongo wawo anali atachita manyazi, ndipo manyaziwo anayenera kukhala ndi mwini wake.

Ndinakwiya, osanama. Masiku ena ndinkalankhula ndekha kumunda, kuwatsutsa onse mmodzimmodzi, ndipo ndinkapambana bwino kwambiri chifukwa panalibe woyankha. Masiku ena ndinkadzifunsa ngati sindikanatha kupita kwa alamu mwakachetechete msonkhano usanachitike, iwo n'kukauza mayi awo, nkhani n'kutha popanda wochita manyazi. Njira imeneyo inalipo. Sindinaiganize, chifukwa zaka zonse za mu ofesi zinandiphunzitsa kuwerenga ndime, osati nkhope za anthu.

Makina a munthu wina wa ku Zomba anayamba ntchito pa msewu mu Ogasiti. Sindinanene kanthu kwa aliyense, ndipo palibe anabwera kudzati munanena zoona. Fumbi lawo linkafika mpaka pakhonde panga.

Mwezi womwewo alamu anabwera m'mawa, n'kugwada patali pang'ono, mwaulemu woposa masiku onse. Ndinadziwiratu.

"Alamu, atsibweni akuti takusungani nthawi yaitali, tikukulakwirani. Ndinu munthu wamphamvu zanu, mungapeze banja lina. Akuti Loweruka tikumasuleni."

Kusudzula ndi chifundo, aliyense amadziwa. Palibe amene angadandaule kuti amumasula. Loweruka anaphika thobwa, anabwera akuluakulu, ndipo popeza nkhoswe yanga inali itamwalira kalekale, mkulu wina wa mpingo anakhala kumbali yanga kuti pasakhale popanda munthu. Atsibweni analankhula bwino kwambiri. Anati ndinasamala mwana wawo mpaka tsiku lomaliza, anati sindinabepo nkhuku ya munthu, anati njira yanga yayera. Za tenda sanatchule, ndipo ine ndinawomba m'manja pamodzi ndi onse.

Anthu atayamba kubalalika ndinawatsatira atsibweni mpaka pa mtengo wa mango, n'kuvula chipewa.

"Atsibweni, ndamva zonse, ndathokoza. Ndichoke liti?"

"Aa, akamwini, ife sitithamangitsa munthu. Mukakonzeka."

"Ndiye ndili ndi pempho limodzi. Ndisanapite, munditsegulire njira ya kumanda. Ndikalambule pamene agona, nditsanzike."

Anayang'ana kumbali, ku mitengo ija, ndipo ndikhulupirira kuti pa kanthawi kameneko anandimvera chisoni. Koma anati, "Zimenezo n'zofunika kukhalirana pansi ndi eni mudzi. Tidzakuuzani tsiku."

Ndinadikira. Ndinamanga katundu wanga m'mitolo iwiri n'kuiika pafupi ndi chitseko, kumagona pa mphasa yokha. Seputembala anatha. Ndinatuma alamu kukakumbutsa, anabwera ndi yankho lakuti akuluakulu ena ali ku Chisi, akabwera. Okutobala anatha, kutentha kwake kuja kwa kunyanja, thirakitala ikugaula kudambo kuyambira m'mawa, ine ndikuimva ndili pakhonde. Munda wanga sindinaulime, chifukwa sunalinso wanga. Ndinakumbutsanso kachiwiri. Kachitatu ndinachita manyazi.

Chakudya chinayamba kuchepa m'nkhokwe, ndipo mwana wa alamu amene ankafuna kukwatiwa anayamba kubwera kudzayang'ana kanyumba kaja, kuyeza ndi maso pamene adzaike bedi. Sanali wamwano, ankandipatsa moni bwinobwino. Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a ku Zomba ndinadziwa kuti mvula ikagwa lole za matemba zidzayamba kuvuta, ndipo ndidzakhala mlendo wodyetsedwa mpaka Epulo.

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mawa. Ndinatseka chitseko ndi loko, kiyi n'kusiya kwa alamu, amene analira pang'ono. Njira ya kudoko imadutsa chapafupi ndi manda, mwina mapazi makumi atatu kuchoka pa mitengo yoyamba. Pamenepo ndinatula mitolo yanga. Panalibe munthu kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo ndikanalowa palibe akanandiona. Ndinaima nthawi yaitali, khasu lili pa mtolo, ndikuona kanjira kolowera kamene kanali katamera udzu wouma. Koma anali atanena kuti adzandiuza tsiku, ndipo ine sindinali munthu wolowa pamalo popanda chilolezo. Ndinamuitana dzina lake kamodzi, chapansipansi, kuchokera pamsewu pomwepo, n'kusenza katundu.

Ndinapeza ntchito yolemba makalata a anthu pakhonde la positi ofesi m'tauni ina, ndipo ndakalambira kumeneko. Adiresi yanga ndinaitumiza kumudzi kuja kawiri, kuti akagwirizana asavutike kundipeza. Atsibweni anamwalira, apongozi anamwalira, ndinamva mochedwa kwa ogulitsa nsomba. Tsikulo mpaka lero sanandiuze.